Kawerengedwe ka mtengo wa pa kilomita pa kabaza ndi takisi mafuta akamangosinthasintha

Mafuta akakwera, pa siteji pamakhala magulu awiri. Ena amati lita yakwera ndi 25 peresenti, ndiye mtengo wa ulendo nawonso ukwere ndi 25 peresenti. Ena amaopa kuthawitsa makasitomala, sasintha kalikonse, n'kumangodabwa kuti madzulo ndalama ikuchepa. Onsewa akuiwala kuti mafuta ndi gawo limodzi chabe la zimene kilomita iliyonse imadya. Mukalipatula gawo limeneli n'kulidziwa bwino, tsiku limene mtengo wa pa pampu wasintha mumangowerengera kamphindi kochepa, zina zonse osazikhudza.

Titsatira njinga yamoto imodzi kuyambira poyamba mpaka pamapeto, kenako tiona pamene galimoto imasiyanira. Ziwerengero za ndalama zimene zili m'munsimu n'zongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino. Inu ikanipo zanu, mu ndalama ya kwanuko.

Yambani n'kuyeza mafuta amene njinga yanu imamwa

Musadalire zimene ananena wogulitsa njinga kapena zolembedwa m'kabuku kake. Zimenezo amayeza pa msewu wabwino, njinga ili yatsopano, palibe munthu kumbuyo kapena katundu. Yanuyo imaima n'kunyamuka kambirimbiri, imakwera zitunda itanyamula anthu olemera mosiyanasiyana.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Dzazani thanki mpaka pakhosi, njinga itaima mowongoka, ndipo lembani nambala imene ili pa mita ya makilomita. Gwirani ntchito monga mwa masiku onse. Nthawi iliyonse mukathira mafuta, lembani malita, osati ndalama. Apa m'pofunika kusamala, chifukwa ambiri anazolowera kuthira "a ndalama zakuti", ndipo mtengo ukasintha sadziwanso kuti m'thankimo mwalowa ochuluka bwanji. Pakatha masiku angapo dzazaninso mpaka pamalo omwe aja, phatikizani malita onse amene mwathira kuchokera pamene munalemba nambala yoyamba, ndipo muone makilomita amene mwayenda. Tinene kuti mwayenda makilomita 420 ndipo mwathira malita 12. Kugawa 420 ndi 12 kukupatsani makilomita 35 pa lita imodzi. Tsiku limodzi silikwanira poyeza, chifukwa kulakwitsa pang'ono podzaza kumasintha yankho kwambiri ngati malita ali ochepa.

Ngati mita inafa, kapena munasintha saizi ya tayala, gwiritsani ntchito mapu a pa foni kuti muyeze mtunda. Ngakhale mita ikugwira ntchito, ndi bwino kuiyerekeza kamodzi ndi foni pa msewu wautali, kuti mudziwe ngati imawonjezera kapena kuchepetsa.

Makilomita olipidwa ndi makilomita a chabe

Apa ndi pamene ambiri amaluzira osadziwa. Ngati lita ili pa 1,400 ndipo imakuyendetsani makilomita 35, kilomita iliyonse ikudya mafuta a 40. Koma si kilomita iliyonse imene ili ndi wokulipirani. Mumachoka kunyumba kupita pa siteji muli nokha. Mukamutsitsa munthu mumabwerera muli nokha, kapena mumazungulira kusaka wina. Wina akakuimbirani foni, ulendo wokamutenga ndi wanu. Mafuta a maulendo onsewa ayenera kuchokera m'thumba la amene akwera, chifukwa palibenso kwina kumene angachokere.

Kwa sabata imodzi, yendani ndi kope laling'ono. Munthu akakwera lembani nambala ya pa mita, akatsika lembaninso. Madzulo phatikizani. Tinene kuti njinga yathu ija pa tsiku imayenda makilomita 140, koma amene inali ndi munthu kumbuyo ndi 84 okha, m'maulendo 21. Ndiye kuti pa makilomita 10 alionse, 6 ndiwo olipidwa.

Tsopano bwererani ku lita ija. Imakuyendetsani makilomita 35, inde, koma olipidwa mwa amenewo ndi 21 okha. Tapeza 21 pochulukitsa 35 ndi 6 n'kugawa ndi 10. Njira ina yofikira pomwepo ndi kugawa makilomita olipidwa a tsikulo, 84, ndi malita amene mwawotcha, omwe ndi 4. Nambala imeneyi, ya makilomita olipidwa pa lita imodzi, ilembeni pachikuto cha kope lanu. Ndi imene muziigwiritsa ntchito nthawi zonse mafuta akasintha. Pa mtengo wa 1,400, mafuta a kilomita yolipidwa ndi 1,400 kugawa ndi 21, pafupifupi 67. Amene amawerengera 40 akudzinyenga ndi 27 pa kilomita iliyonse.

Zina zimene msewu umadya

Pali zinthu zimene zimatha chifukwa choyenda, kaya kumbuyo kuli munthu kaya kulibe. Chilichonse mwa izi tengani mtengo wake n'kugawa ndi makilomita amene chimatha. Oyilo wa 4,000 amene mumasintha pa makilomita 2,000 akudya 2 pa kilomita. Matayala awiri a 36,000 amene amakufikitsani makilomita 12,000 akudya 3. Tcheni ndi masipuroketi ake a 30,000, pa makilomita 15,000, ndi 2. Mabuleki, pulagi, makebulo, kumatitsa tayala ndi ndalama ya makaniko tingoziika pamodzi pa 3. Makilomita amene zinthuzi zimatha amasiyana malinga ndi msewu, fumbi ndi kayendetsedwe ka munthu, choncho tengani a pa njinga yanu, osati a mnzanu.

Chachikulu pa zonsezi ndi njingayo, ndipo ndi chimene chimaiwalika kawirikawiri chifukwa palibe amabwera kudzakulipiritsani tsiku ndi tsiku. Ngati yatsopano ili pa 1,200,000, ndipo mukuganiza kuti ikadzayenda makilomita 90,000 mudzaigulitsa pa 300,000, ndiye kuti 900,000 ikutha mumsewu, 10 pa kilomita. Werengerani mtengo wa njinga yatsopano lero, osati umene munagulira kale, popeza yolowa m'malo mwake mudzaigula pa mtengo wa nthawi imeneyo.

Zonsezi pamodzi ndi 20 pa kilomita. Pa makilomita 140 a tsiku, ndi 2,800. Ndalama imeneyi si yanu ayi, ngakhale madzulo ili m'thumba mwanu. Muziisunga padera.

Kenako pali zimene mumalipira ngakhale njinga itangokhala: inshulansi, ziphaso, ndalama ya pa siteji, mayunitsi a foni. Phatikizani za chaka chonse n'kugawa ndi masiku amene mumagwiradi ntchito, osati 365. Ngati zonse ndi 360,000 ndipo mumagwira masiku 300, ndi 1,200 pa tsiku. Pomaliza ikani malipiro anu, ndalama imene mukufuna kupita nayo kunyumba. Tiike 7,200. Musamaone malipiro anu ngati zotsala, chifukwa mukatero kukwera kulikonse kwa mafuta kuzidya inuyo. Ngati njinga ndi ya abwana ndipo mumapereka tageti ya pa tsiku, tagetiyo ilowe m'gulu lino, ndipo muchotse pa gulu lapitalo zinthu zimene mwini njinga amalipira yekha, kuti musaziwerenge kawiri.

Tsiku lathu likuoneka chonchi: mafuta malita 4 ndi 5,600, zakutha mumsewu 2,800, zokhazikika ndi malipiro 8,400. Zonse 16,800. Kugawa ndi makilomita olipidwa 84, tikupeza 200 pa kilomita. Taonani kuti mafuta ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wonse.

Gawani mtengo pawiri: wokwerera ndi wa pa kilomita

Mukangoti 200 pa kilomita basi, ulendo wa kilomita imodzi ukupatsani 200, chonsecho mwadikira pa siteji, mwakambirana mtengo, mwamangirira katundu, mwafunafuna chenje. Nthawi imeneyo ndi yofanana kaya munthu akupita pafupi kaya kutali. Komanso wa makilomita 15 mudzamutchula 3,000, iye n'kupita kwa mnzanu.

N'chifukwa chake mamita a takisi amayambira pa ndalama inayake galimoto isanasunthe. Inunso chitani chimodzimodzi. Tengani theka la 8,400 ija, lomwe ndi 4,200, mugawe ndi maulendo 21. Mupeza 200, ndipo imeneyi ndi ndalama yokwerera, imene aliyense amalipira akangokhala pampando. Zotsala pa 16,800 ija, 12,600, kugawa ndi makilomita 84, ndi 150 pa kilomita. Ulendo wa makilomita 4 ukhala 200 kuphatikiza 600, yonse 800. Wa kilomita imodzi ndi 350, wa makilomita 15 ndi 2,450. Pa tsiku mupezabe 16,800 yomwe ija, koma maulendo afupi sakukudyeraninso masuku pamutu, ndipo aatali sakuopseza anthu.

Bwanji theka, osaika 8,400 yonse pa ndalama yokwerera? Chifukwa ulendo wautali umatenganso nthawi imene mukananyamula anthu atatu kapena anayi apafupi. Gawo lina la malipiro anu liyenera kukula limodzi ndi mtunda. Ngati kwanuko maulendo ambiri ndi afupiafupi, kwezani pang'ono yokwerera n'kutsitsa ya pa kilomita, bola mukachulukitsa ndi maulendo ndi makilomita a tsiku mufike pa chiwerengero chonse chija.

Tsiku limene mafuta asintha

Tinene kuti mwadzuka m'mawa lita yachoka pa 1,400 kufika pa 1,750. Yakwera ndi 350, kapena kuti 25 peresenti. Tengani 350 mugawe ndi nambala ya pachikuto ija, 21. Yankho ndi pafupifupi 17. Ndi yokhayo imene muwonjezere pa kilomita, kuchoka pa 150 kufika pa 167. Ndalama yokwerera isasinthe, chifukwa mulibe mafuta m'menemo. Ulendo wa makilomita 4 uja ukuchoka pa 800 kufika pa 868. Wakwera ndi 8 peresenti ndi pang'ono, osati 25.

Tiyeni tione zimene zimachitikira magulu awiri aja. Pa mtengo watsopano, mafuta a tsiku ndi 7,000, ndipo kuphatikiza 2,800 ndi 1,200, zotuluka zonse ndi 11,000. Amene sanakweze akutolerabe 16,800, akupita kunyumba ndi 5,800 m'malo mwa 7,200. Akamaona kuti sizikukwana amayamba kudya 2,800 ya njinga ija, ndipo zimadzaonekera tsiku limene tayala laphulika alibe yogulira lina. Amene wakweza ndi 25 peresenti akutchula 1,000 pa ulendo wa 800. Ngati anthu onse 21 akwerabe, iye wapindula. Koma tiyerekeze kuti asanu asankha kuyenda pansi kapena kukwera wina. Watolera 16,000 m'maulendo 16, ndipo ngakhale atayenda makilomita 120 okha tsikulo, mafuta adya 6,000, zakutha mumsewu 2,400, zokhazikika 1,200. Watsala ndi 6,400. Wakweza kwambiri kuposa aliyense, koma wapeza zochepa kuposa mmene ankapezera kale. Chimene chimachitika n'chakuti zolipira zokhazikika sizichepa anthu akachepa, zimangogwera pa okwera ochepawo.

Funso lina limene limavuta ndi la mafuta amene ali kale m'thanki, ogula pa mtengo wakale. Werengerani mtengo wa lero. Ndalama imene mutolere lero ndi imene mukathirire mawa, ndipo mawa pampu sidzakufunsani kuti dzulo munagula pa zingati.

Musamasinthe mtengo sabata iliyonse

Kumene mafuta amasintha pafupipafupi, kutsatira kusintha kulikonse kumatopetsa inu ndi makasitomala omwe. Munthu amene amakwera tsiku ndi tsiku amafuna kudziwa ndalama yoti anyamule asanatuluke m'nyumba. Ndiponso 167 ndi nambala yovuta pa chenje. Njira yabwino ndi kukonzeratu masitepe.

Sankhani kuti mtengo wa pa kilomita uzisintha ndi 10 nthawi imodzi, kapena ndi ndalama ina iliyonse imene chenje chake chimapezeka mosavuta. Chulukitsani 10 ndi nambala ya pachikuto ija, 21, mupeza 210. Ndiye kuti sitepe iliyonse ndi yotalika 210 pa mtengo wa lita. Ikani 1,400 pakati pa sitepe yoyamba: lita ikakhala pakati pa 1,295 ndi 1,504, kilomita ndi 150. Kuyambira 1,505 mpaka 1,714, ndi 160. Kuyambira 1,715 mpaka 1,924, ndi 170. Kutsika nakonso n'chimodzimodzi, lita ikatsika pansi pa 1,295 kilomita ibwere pa 140. Mtengo wa 1,750 uja ukugwera pa sitepe ya 170, ulendo wa makilomita 4 ndi 880.

Poika mtengo wowerengera pakati pa sitepe, masiku ena mudzakhala mukutolera kaphindu kowonjezera, masiku ena mukuperewera pang'ono, ndipo pakapita nthawi zimafanana. Lembani masitepewa papepala pamodzi ndi mitengo ya malo amene mumapitako kawirikawiri, pa sitepe iliyonse. Mafuta akasintha mumangoyang'ana mzere woyenera. Pepalalo limathandizanso pokambirana. Munthu akati, "Achimwene, dzana ndinalipira 800, lero mwakweza bwanji?" mungathe kumuyankha kuti, "Bambo, lita yakwera ndi 350, ine ndawonjezera 80 yokha pa ulendo wanuwu. Ikatsika nditsitsanso, onani apa." Anthu sakangana kwambiri ndi munthu amene akuwaonetsa pamene mtengo wachokera.

Koma lonjezo lotsitsalo muzilisunga. Ndikudziwa kuti kutsitsa kumawawa, ndipo ambiri amangokhala chete mafuta akatsika. Vuto lake n'lakuti tsiku lodzakwezanso palibe adzakukhulupirireni, ndipo pa siteji sipalephera kupezeka wina amene atsitse inu musanatero. Ngati muli m'bungwe la pa siteji, ndi bwino kugwirizana masitepewa pamodzi mafuta asanasinthe, mitima ili m'malo, kusiyana ndi kukangana m'mawa wa tsiku limene akwera.

Masitepewa amangoona za mafuta. Matayala, oyilo ndi zipangizo nazo zimakwera mafuta akakwera, koma mochedwerapo, katundu watsopano akafika m'mashopu. Malipiro anunso amafunika kuwaonanso zinthu zikadula. Zimenezi muzibwereza miyezi itatu iliyonse, n'kulemba masitepe atsopano. Osaziphatikiza mongoganizira pa tsiku la kukwera kwa mafuta.

Ulendo wobwerako wopanda munthu, kudikira, ndi mafuta osowa

Munthu akafuna kupita makilomita 15 kumalo kumene mukudziwa kuti simukapeza wobwera naye, ena amangochulukitsa mtengo kawiri. Kumeneko n'kulipiritsa mopitirira, chifukwa mtengo wanu wa pa kilomita uli kale ndi makilomita a chabe mkati mwake. Pa 6 mwa 10 paja, makilomita 15 olipidwa akulipirira kale makilomita 25 oyenda. Kupita ndi kubwera ndi 30, ndiye otsala ndi 5 okha. Pa mitengo yoyamba ija kilomita yoyenda imadya 60, mafuta 40 ndi zakutha 20, choncho 5 amenewo ndi 300. Onjezanipo kangachepe ka nthawi yanu. Ulendo wa 2,450 ufike cha m'ma 2,900, osati 4,900.

Kudikira kuli ndi mtengo wakenso. Ngati mumagwira maola 10 pa tsiku, 8,400 ija ndi 840 pa ola, 14 pa mphindi. Muuzeni munthu asanatsike kuti mphindi zisanu zoyamba ndi zaulere, zotsatira zili ndi mtengo wakuti, ndipo zimitsani injini.

Mafuta akasowa, mtengo wolembedwa pa pampu sukhalanso mtengo wanu weniweni. Ngati mwakhala pamzere maola awiri kuti mupeze malita 8, mwataya 1,680 ya nthawi, yomwe ndi 210 pa lita iliyonse. Imeneyo ndi sitepe imodzi yathunthu. Kwerani sitepeyo pa masiku a kusowako, zinthu zikabwerera mwakale mutsikenso.

Pa galimoto

Masamu ndi omwewa, koma manambala ndi olemera. Galimoto imene imayenda makilomita 12 pa lita, theka la makilomitawo lili ndi wokwera, ili ndi makilomita olipidwa 6 okha pa lita. Kukwera kwa 350 kuja kukutanthauza pafupifupi 58 pa kilomita, osati 17. Choncho wa takisi asatengere zimene achita a njinga, ndipo sitepe yake ikhale yokulirapo, mwina 25 pa kilomita, kuti asamasinthe mtengo mafuta akangogwedezeka pang'ono. Galimoto imamwanso mafuta itaima injini ikulira, pafupifupi theka la lita mpaka lita imodzi pa ola, ndipo amachuluka mukayatsa choziziritsa mpweya. M'misewu yothinana mtengo wa pa kilomita wokha sukwanira, pamafunikanso wa pa mphindi.

M'mizinda yambiri mtengo wa takisi ya mita amaika ndi aboma kapena khonsolo, ndipo kusintha mita mwa nokha ndi mlandu. Kumeneko masamuwa ndi oti bungwe lanu lipite nawo popempha kuti mtengo uwunikidwenso. Ngati mumapeza makasitomala kudzera pa pulogalamu ya pa foni imene imadula gawo lake, samalani powerengera. Kuti mutsale ndi 800 pamene akudula 20 peresenti, ulendo uyenera kukhala wa 1,000, osati 960, chifukwa amadula pa ndalama yonse. Ngati mtengo amaika ndi iwo, nambala zanu zikuthandizani kudziwa maulendo oyenera kuwakana.

Mungadziwe bwanji kuti penapake palakwika

Kumapeto kwa sabata chotsani mafuta, ndalama ya njinga ndi zokhazikika pa zimene mwatolera. Ngati zotsala sizikufika pa malipiro amene munaika, musathamangire kukweza. Yambani mwayezanso malita. Njinga imene inkayenda 35 pa lita ikatsika kufika pa 30, nambala yanu ya 21 yasanduka 18, ndipo mafuta a kilomita yolipidwa achoka pa 67 kufika pa 78 pampu isanasinthe n'komwe. Kawirikawiri chimachititsa ndi matayala ochepa mpweya, fyuluta ya mpweya yodzaza fumbi, pulagi yotopa, tcheni youma, kapena mabuleki ogwira. Tayala likamavuta kuzungulira ndi dzanja njinga ili pa sitandi, kapena pulagi ikatuluka yakuda ndi mwaye, nkhani ndi ya kwa makaniko, si ya wokwera.

Ngati malita ali bwino, onani makilomita a chabe. Akachoka pa 4 mwa 10 kufika pa theka, mwina mwayamba kuzungulira kwambiri posaka anthu, kapena mukuvomera kukatenga anthu kutali pa maulendo afupi. Kuima pamalo abwino n'kudikira kumathandiza kuposa kuwonjezera 10 pa kilomita. Ndipo ngati zonse ziwiri zili bwino koma maulendo atsika kuchoka pa 21 kufika pa 16, yang'anani zimene anzanu akutchula pa njira zomwezo. Mwina pa maulendo afupi ndalama yanu yokwerera yakwera kwambiri, ndipo muyenera kusunthira gawo lina ku mtengo wa pa kilomita.